Madzi Anakwera Phiri kwa Sekuru

Chaka chimene anamwalira agogo anu aakazi, aNambewe, ndi chaka chomwe kasupe wathu wa pamtunda pano anaphwa. Ana inu simudziwa, poti lero mumangotsegula mpopi uwo n'kumaseweretsa madzi, koma kale mudzi wonse uno wa ife opuma ntchito m'minda ya tiyi tinkatsikira kukhwawa, ndipo pokwera ndi chigubu mawondo ankalira ngati chitseko chakale.

Ine ndinachoka ku Mulanje ndili mnyamata wa Fomu 2, ndipo ndakalambira m'dziko la eni, muno m'chigwa cha Honde, ndikukonza mapaipi a m'fakitale. Kwathu sindinabwerere. Mkazi wanga wagona kuseri kwa nthochi uko, ndiye kwathu ndi pano.

Mwana wanga Yohane atabwera kuchokera kutauni ku Mutare sanazungulire ayi.

"Baba, longedzani. Mvula ikangoyamba ndikubwera kudzakutengani. Mudzafera panjira ndi chigubu."

"Amayi ako ndiwasiyire yani?"

"Akufa samwa madzi, Baba."

Ndinamuuza kuti adzandinyamula ndi mpando womwe. Mwana wake Tariro, amene ankakhala ndi ine pophunzira Fomu 3, anamva zonsezi. Bambo ake atapita anandifunsa, akunditchula Sekuru monga amaitanira agogo aamuna kuno: "Sekuru, paja munkati m'fakitale mapaipi ankagunda mukatseka madzi msanga?"

Zoona, ankagunda ngati nyundo, mpaka kung'ambika, ndipo kapitawo ankatikalipira nazo. Madzi othamanga ukawaimitsa mwadzidzidzi amamenya ndi mphamvu yoopsa. Ine zaka zonsezo ndinkalimbana ndi kugunda kumeneko, koma mtsikanayu anati kugunda komweko tikulembe ntchito.

Anatseka mtsinje ndi miyala pamwamba pa mathithi aang'ono, otalika ngati munthu ataimika manja, n'kutsitsa paipi kuchokera padziwepo. Kumunsi kwa paipi anaika mavalavu awiri amkuwa amene tinagula ku Hauna. Yoyamba imakhala yotseguka, madzi amatayikirapo mpaka atathamanga kwambiri, kenako amaikankha n'kuitseka okha, pha! Akasowa kolowera, amatsegula valavu yachiwiri, imene imalola kulowa koma osabwerera, n'kudzipanikiza m'botolo lachitsulo lozimitsira moto loimikidwa chozondoka. M'botolomo anaikamo chubu cha njinga chopopa pang'ono, kuti mpweya ukapanikizika uzikankha madzi m'kapaipi kakang'ono kokwera kumudzi. Mphamvu ikatha, valavu yoyamba imagwa yokha, ndipo zonse zimayambiranso. Pampu yake ndi imeneyo: palibe petulo, palibe magetsi.

Tsiku loyesa, anthu anadzaza khwawa. Valavu inagunda mofooka, kapaipi kanangonyowa mpaka pakati pa phiri, basi. A Fernando, mnzanga wa ku Milanje ya Apwitikizi, anaseka mpaka kukhosomola.

"Achimwene, madzi saiwala khwawa! Munawaonapo kuti madzi okwera phiri? Mwanayu mum'pezere mwamuna."

"Sekuru Fernando, akakwera musadzamwe," anatero Tariro, maso ali psuu.

Masiku atatu ankangokhala pamenepo. Lachinayi anandigwira dzanja n'kuliika papaipi yotsitsa madzi ija, yomwe inali yapulasitiki yakuda, yothirira m'dimba.

"Mukumva? Ikufufuma ikagunda. Nkhonya yonse ikuthera m'paipimu."

Manyazi anandigwira, ine wa mapaipi! A m'fakitale ankagunda chifukwa anali achitsulo, osagonja. Ndipo chitsulo ndinali nacho: mapaipi awiri amene ndinapachikirapo mpesa wa magalagadeya wa aNambewe. Ndinaima pansi pake nthawi yaitali, kenako ndinatenga sipanala.

Titalumikiza, Tariro anadina valavu ndi chala kambirimbiri, kuti mpweya utuluke ndi kuti madzi adzaze kapaipi kokwera, pakuti popanda kulemera kwa madzi a m'mwambawo pampuyi siyenda yokha. Kenako anachotsa chala. Pha! Pha! Pha! Yokha, ngati mtima. Tinakwera phiri, ine kumbuyo ndikupuma befu, ndipo tinapeza kamtsinje kowonda ngati chala kakugwera mumgolo umene tinatchera kumudzi. Madzi ambiri amabwerera mumtsinje, okwera ndi ochepa, koma samaima, ndipo tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kutacha mgolo unali utasefukira, a Fernando ali patsogolo pa mzere ndi ndowa ziwiri, osayang'ana munthu kumaso.

Mvula itayamba Yohane anabweradi ndi galimoto. Ndinamutungira kapu pampopi.

"Imwa, upereke moni kwa amayi ako, uzipita kusanade."

Anamwa, anatsikira kukhwawa kukaona, ndipo pobwera anangofunsa mtengo wa thanki.

Tsono adzukulu anga, wamng'ono akakufunsani funso musamuthamangitse, ndipo wina akakuuzani kuti pano sipangakhalike, yambani mwaona chimene chikugunda pafupi nanu. Iwe Rudo, tseka mpopiwo bwino. Madzi amenewo akwera ndi mapaipi a agogo ako.