Azakhali athu ndi foni ya Lamlungu masana

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1968, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wa mchimwene wawo. Akuluakulu andiuza kuti ndisatalikitse, ndiyesetsa.

Anayamba sukulu mu 1975. Kumeneko anapeza anzawo awiri apamtima, amene tonse timawadziwa kuti a Nesi ndi a Kafupi. Ndamva kuti aphunzitsi ankawakhazika m'makona osiyana chifukwa cha phokoso, koma nkhani zinkafikabe.

Mu 1990 anakwatiwa ndi amalume ali apawa, ndipo mu 1994 anatsegula saluni yawo ija ya mipando iwiri ndi galasi losweka pakona. Ambiri mwa amayi muli pano mitu yanu inadutsa m'manja mwawo, nkhani zanunso.

Mu 2001 a Nesi anapita kukagwira ntchito kunja. Mu 2004 a Kafupi anapitanso, koma kudziko lina, kukasamalira okalamba. Anthu ankati chinzake chathera pabwalo la ndege. Sankawadziwa bwino azakhali.

Vuto linali nthawi. Kuno kukakhala masana, kwa a Kafupi kumakhala kukucha, kwa a Nesi kukuda. Atatuwa anapeza kuti Lamlungu masana onse amakhala ali maso. Poyamba azakhali ankagula khadi n'kuimbira mmodzimmodzi, ikudukira pakati pa nkhani. Mu 2013 anagula foni yamakono, atatuwa n'kutsegula gulu lawo. Bandulo ankagula Loweruka, foni ankatchajiratu, ndipo ankakhala pawindo la kuchipinda pomwe netiweki imagwira. Kwa a Kafupi akasintha mawotchi nyengo yozizira, azakhali ndi amene ankakumbutsa eni akewo. Zithunzi zamaluwa zongolandira kwa ena sankatumiza. Ankati mnzako umamuuza zenizeni: amene wakwatiwa, amene wathawa, ndi bondo lomwe likuwawa.

Mu 2019 a Kafupi anangoti zii. Mauthenga ankaonetsa kuti afika, yankho osabwera. Ena, ndipo ali pompano koma sinditchula, ankati munthu akadya zakunja amaiwala kwawo. Azakhali sanakwiye. Ankaimba Lamlungu lililonse, foni n'kumangolira, mpaka tsiku lina inayankhidwa. Zoona zake zinali zakuti matenda a shuga anawononga maso a a Kafupi, sankathanso kuwerenga, ndipo ankachita manyazi kunena. Kuyambira pamenepo azakhali anasiya kulemba, n'kumatumiza mawu ojambula okhaokha, manja ali m'tsitsi la kasitomala.

Mu 2023 azakhali anayamba kudwala pakhosi, ndipo mu Malichi 2024 madokotala anawachita opaleshoni. Moyo unapulumuka, mawu anapita. Taganizani, mmodzi saona, wina salankhula, pakati pali nyanja. Amalume amati azakhali sanalire ndi matendawo, analira ndi zimenezi.

Ine ndinadzipereka kuti azilemba, ndiziwawerengera a Kafupi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kulemba papepala kuti nkhani za azimayi sapatsa wailesi.

Njira anaipeza okha. Lamlungu litafika anaimba pagulu paja, kapu ndi supuni zili pambali. Kugogoda kapu ndi supuni kamodzi kunali kuvomera, kawiri kukana, kambirimbiri kuseka. A Kafupi, amene salola mnzawo kumaliza chiganizo, anaphunzira kufunsa n'kudikira. Nkhani ikakhala yaitali, azakhali ankailemba pafoni, a Nesi n'kumaiwerenga mokweza, akuyesezera ngakhale kalankhulidwe kawo. Ife kukhitchini tinkangomva kapu ikulira ngati belu la sukulu, n'kudziwa kuti wina akudyedwa miseche. Makapu awiri anasweka.

Atagonekedwa m'chipatala mwezi watha, anapitiriza ndi chitsulo cha bedi, mpaka odwala anzawo anazolowera. Lamlungu lapitali analibe mphamvu zonyamula supuni. Amalume anafuna kuwauza anzawowo kuti aimbe tsiku lina, koma azakhali anagwira foniyo osaisiya. Anaiika pachifuwa, anzawo akuwalankhula mosinthana, iwo akumvetsera mpaka anagona. Anatisiya Lachitatu m'mawa, pa 12 Febuluwale 2025.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, achimwene awiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Amalume alamula kuti pamndandanda wa abale ndiwerengenso a Nesi ndi a Kafupi, chifukwa anachoka zaka zoposa makumi awiri zapitazo koma m'nyumba mwathu sanasowemo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, makasitomala a saluni, ndi aneba amene atibwereka intaneti lero. Foni mukuiona pampando wakutsogoloyo ili pamenepo dala, anzawo onse awiri akutimva. A kwaya, chonde sunthirani pafupi nayo, a Kafupi apempha kuti amve bwino pamene tikunyamula malemu.

Azakhali, mzimu wanu uuse mumtendere.