Moni Amene Ndinakana Kuyankha

Abusa, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mwayankha kuti "Ukhalenso nanu." Musawapeputse mawu amenewo. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ine ndine Phiri. Ndinabadwira pa pulazi ino, munda waukulu wa fodya wa ku Trelawney, kuno kwa Ashona. Bambo anachokera ku Dedza, koma ine Dedza sindimudziwa. Kwathu ndi komboni ino. Mkazi wanga anagona kuseri kwa shedi ya fodya uko.

Mutandichotsa pa ukulu wa mpingo, ndinakwiya. Ndinalumbira kuti pakamwa panga sipadzatulukanso moni. Abusa akati mtendere, ine duu. Wina akati "Mwadzuka bwanji, aPhiri?" ine duu. Miyezi inayi.

Kenako mwana wa Nabanda anamwalira. Mukudziwa mwambo wa pamaliro pano. Umagwirana chanza ndi aliyense. Kwa Mshona umati "Nematambudziko," kwa Mchewa "Pepani ndi zovutazi," kwa Msilamu "Salamu aleikumu." Ine ndinalowa, ndinakhala, sindinagwire dzanja la munthu.

Mawa lake palibe anandipatsa moni. Palibe. Amayi pa mjigo ankatseka zidebe ndikamadutsa. Ana ankaitanidwa kulowa m'nyumba. Pakhomo panga wina anawaza mchere. Ndinamva mawu amodzi okha: mfiti. Wosapepesa maliro ndiye wapha.

Anaitanitsa msonkhano ku shedi woti andichotse m'komboni. Ndipite kuti, abale? Manda a mkazi wanga ndiwasenze?

Wapampando anali Che Saidi, mkulu wa ku mzikiti. Anati "Salamu aleikumu," Asilamu anayankha. Anati "Mtendere wa Ambuye," Akhristu anayankha. Anati "Pamusoroi," Ashona anawomba m'manja. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Wawa aPhiri. Mwaswera bwanji?"

Mnyamata wina anakuwa, "Che Saidi, mfiti mukuipatsa moni?"

"Khala pansi iwe. Munthu saweruzidwa asanalonjeredwe."

Ndinadziwa chimene akuchita. Pano munthu akayankha moni, khamu limati zikomo ndi kuwomba m'manja. Mukamuwombera, mwamulandira. Mukakhala chete, wapita.

Ndinavula chipewa. "Ndaswera, kaya inu nonse." Ndinayang'ana Nabanda. "Mayi, pepani ndi zovutazi. Ndachedwa."

Zii. Ndinkangomva malata akulira ndi dzuwa. Manja onse ali pamaondo.

Kenako phu, phu, phu. Munthu mmodzi. Nabanda, nkhope itayang'ana kumbali. "Zikomo," anatero, mawu ouma. Ena anatsatira. Osati onse. Ena osawombanu mwakhala pompano, ndikukuonani.

Sindinaphe mwana. Koma ndinatsala pang'ono kudziika m'manda ndekha ndi pakamwa potseka.

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza Nabanda. Kondwerani nane. Ndipo inu amene simunawombe tsiku lija, ndikukufunsani pamaso pa abusa: mwadzuka bwanji?

Ndidikira.