Chithunzi cha Rosina pa tsamba la Fainess

Ndi Lachitatu masana pa wailesi yanu kuno ku Chipata, ndipo ofuna kudziwitsana nkhani atitumizira makalata awo. Tcherani khutu.

Mayi Fainess Miti, omwe amagula mtedza m'midzi ya ku Madzimoyo, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti foni yawo idatayika Loweruka m'minibasi yochokera ku Mwami. Foniyo ndi yakuda, yong'aluka pakona. Owafuna asavutike kuimba, aziwapeza kwa alongo awo a Edmund Miti ku Madzimoyo komweko. Chilengezochi chachokera kwa Fainess Miti.

A Boaz Daka a ku Nabvutika akudziwitsa akuchimuna ndi akuchikazi kuti akazi awo, mayi Rosina, adatuluka m'chipatala Lolemba. Iwo akupezako bwino, koma ulendo sudayende monga ankayembekezera: abwerako manja ali m'khosi. Amayi akuluakulu adakagoneka kale khandalo mwakachetechete. Palibe kusonkhana. Chilengezochi chachokera kwa a Boaz Daka.

Chotsatirachi chikupita kwa munthu mmodzi. Mayi Rosina Daka akupempha mnzawo wa paubwana, Fainess Miti, kuti achotse chithunzi chimene adaika pa Fesibuku mwezi watha, chomwe adawajambula ali oyembekezera, atavala chitenje chobiriwira, akuseka pakhomo pa tchalitchi. Akuti anthu osadziwa zachitikazi akulembabe pansi pake kufunsa ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Mayi Rosina adachotsapo kale dzina lawo kuti foni ileke kulira, koma chithunzicho chikadalipo, pakuti mwini kuchifufuta ndi amene adachiika. Mauthenga amene adatumiza pa Watsapu sadafike.

Apempha kuti mawu awa tiwerenge monga adalembera: «Fainess mnzanga, sindinakwiye. Udaika chifukwa udakondwa nane, ndipo inenso tsiku lija ndidakondwa. Koma pano sindingathe kuchiona. Chonde ndichotsere.» Chilengezochi chachokera kwa Rosina Daka.

*

Lafika Lachisanu, omvera, ndipo tiyamba ndi kalata yochokera ku Madzimoyo.

Mayi Fainess Miti akudziwitsa mayi Rosina Daka kuti uthenga adaumva ali pa sikelo, pa wailesi ya mlimi wina, ndipo matumba adawasiya pomwepo. Adabwereka foni ya alongo awo, koma mawu achinsinsi olowera pa Fesibuku adali atawaiwala, ndipo nambala yotsimikizira inkapita ku layini yotayika ija. Dzulo m'mawa adakwera njinga yamoto kudza m'tauni ndi chitupa chawo cha reji, adaima pamzere mpaka masana, nabwezeretsa layini. Atalowa, adadina timadontho titatu pamwamba pa chithunzi ndi kuchitaya. Akuti amene adachigawa kuchokera pa tsamba lawo, kwa iwonso chazimiririka.

Komabe alipo ena amene adachisunga m'mafoni mwawo ndi kuchiponya m'gulu la Watsapu la amayi a kwaya. Zimenezo mayi Fainess sangazifikire. Akupempha mayi Tamiwe Lungu, oyang'anira gululo, kuti auze aliyense afufute yekha, ndiponso kuti wina asaimbire Rosina kumufunsa chifukwa chake.

Mayi Fainess akutinso kunyumba kwa Rosina sadafike chifukwa cha manyazi. Adafika mpaka pa mpopi wa ku Nabvutika, nabwerera. Chilengezochi chachokera kwa Fainess Miti.

Mayi Tamiwe Lungu akudziwitsa amayi onse a kwaya kuti Loweruka, nthawi ya 14 koloko, pali kukumana kutchalitchi. Aliyense abwere ndi foni yake. Amene sadziwa pofufutira adzathandizidwa pomwepo. Kuyeserera nyimbo kulibe. Chilengezochi chachokera kwa Tamiwe Lungu.

*

Lero Lolemba tili ndi chilengezo chimodzi chomwe mwini wake wabweretsa yekha pamanja, ataperekezedwa ndi amuna ake.

Mayi Rosina Daka akuthokoza onse amene adamva pempho lawo. Akudziwitsa mnzawo Fainess Miti, amene chichokereni Lachisanu sakuyankha foni, kuti amva zoti chithunzi chotayidwa chimakhala kaye m'nkhokwe ya zotayidwa masiku makumi atatu chisanatheretu. Akupempha kuti masikuwo asanakwane, achibweze pamalo poti achione yekha, akachitsukitse chimodzi chokha ku situdiyo, achiike mu envulopu ndi kumata, kenako achifufute ndithu. Akuti afufuza m'nyumba monse ndi m'foni ya a Boaz, ndipo apeza kuti chithunzi china chimene ali limodzi ndi mwana wawo uja, Chikumbutso, palibe.

Mawu awo ndi awa: «Sindidzatsegula lero, mwinanso chaka chino ayi. Koma usatumize munthu, Fainess. Ubwere nayo wekha. Pa mpopi usadzaimepo, udzangolowa.»

Chilengezochi chachokera kwa Rosina Daka, amake Chikumbutso, ku Nabvutika.