Bambo Gédéon Pelloquin, Amene Anakana Kusaina Kachiwiri

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1652 mumzinda wa Saumur ku France, ndipo anali oyamba m'banja la ana awiri. Ine amene ndaima pano ndine Timothée Brossard, mwana wa mlongo wawo, malemu mayi Rachel. Mpingo wathu sulalikira pamaliro, choncho banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya amalume tisanatuluke m'nyumba muno. Tilipo khumi ndi mmodzi, mipando yakwana, mukhoza kukhala pansi.

Amalume anabadwa dziko lidakali pansi pa lamulo la ku Nantes la 1598, limene linathetsa nkhondo za Akatolika ndi Apulotesitanti zimene zinatha agogo athu. Lamulolo linkatilola ife Apulotesitanti kupembedza m'malo osankhidwa okha, kukhala ndi sukulu, ndi kugwira ntchito za boma. Komabe tinkapereka chakhumi kwa ansembe ndi kutseka mashopu pa masiku awo a chikondwerero. Palibe mbali imene inkati inzake ili ndi ufulu wokhulupirira zake. Onse anali atangotopa ndi kuphana, ndipo kulolerana kunkatanthauza kupirira choipa chimene walephera kuchichotsa.

Anaphunzira pa sukulu ya mpingo mpaka 1666, pamene analowa ntchito yosindikiza mabuku. Ankasanja zilembo za mtovu, chimodzichimodzi, ndipo ntchito imeneyi anaigwira zaka makumi anayi ndi zisanu. Mu 1677 anakwatira mayi Judith Moizant. Mu 1679 Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Débora, ndipo sanaberekenso wina.

Mu Januwale 1685 boma linatseka sukulu ya ku Saumur ndi kulamula kuti tchalitchi chathu chigwetsedwe. Mu Okutobala mfumu inafafaniza lamulo la ku Nantes. Abusa anapatsidwa masabata awiri kuti atuluke m'dziko, koma anthu wamba analetsedwa kutuluka. Mwamuna wogwidwa akuthawa ankakapalasa zombo za mfumu ali mu unyolo, mkazi ankaponyedwa m'ndende. Mwezi wotsatira asilikali asanu ndi mmodzi anaikidwa m'nyumba ya amalume kuti azidya ndi kugona momwemo kufikira eni nyumba atatembenuka. Ankasonkhera moto mipando, ndipo ankaimba ng'oma mosinthana kuti pasapezeke wogona. Tsiku lachisanu ndi chinayi amalume anapita kwa wansembe nasaina kuti ndi Mkatolika. Sindikuwaulula, ankanena okha. Ankati, “Dzanja linasaina, pakamwa panalandira mkate wawo, koma nditabwerera kunyumba ndinapeza kuti ndikukhulupirira zomwe zija za dzulo. Chimene chinasintha nchakuti tsopano ndinali wabodza.”

Kusainako sikunawapulumutsire mwana. Mu Febuluwale 1686 akuluakulu a boma anati banjali silinatembenuke ndi mtima wonse, ndipo anatenga Débora, wa zaka zisanu ndi chimodzi, kukamupereka kwa masisitere. Amalume anafuna kuti athawe awiri, kuti akafunefune thandizo ali kunja. Mayi Judith anakana. Anati, “Pitani inu, bambo a Débora. Ine ndikamadutsa pampanda wa masisitere paja ndimamva mawu ake akamasewera.” Amalume anabisala pakati pa migolo ya vinyo m'chombo chochokera ku Nantes, nafika kuno ku Rotterdam mu Meyi. Mayi Judith anamwalira ku Saumur mu 1689, osaonananso ndi amuna awo.

Atafika, anaima pamaso pa mpingo wa othawa kwawo kuvomereza tchimo la kusaina kuja, ndipo analandiridwa. Ntchito anaipeza kwa malemu bambo Wouter Slingerland. Chimene chinawadabwitsa kuno tonse timachidziwa. Mpingo wa boma ndi umodzi, wa Chipulotesitanti, ndipo maudindo ndi a anthu ake okha, koma munthu safunsidwa za mumtima mwake. Amalume ankaona Akatolika akulowa Lamulungu pakhomo la nyumba wamba, mkatimo muli guwa, mkulu wa apolisi atalandira kangachepe kuti ayang'ane kumbali. Anafunsa abwana awo ngati limeneli ndi lamulo. Bambo Slingerland anaseka nati, “Lamulo limaletsa, Mfalansa iwe. Koma ukathamangitsa Akatolika onse, tchizi ugula kwa yani?” Amalume sanaseke nawo. Anati ufulu wongodalira kuti wamkulu ayang'ane kumbali, tsiku lina adzatembenuka.

Zaka zimenezo timabuku tokangana za kulolerana tinkadutsa m'manja mwawo, ndipo ankawerenga chilichonse chimene ankasanja. Olemba ena ankatamanda pangano la ku Germany la 1648, limene linavomereza mipingo itatu, nkuti dera lililonse lisunge kapembedzedwe kamene linali nako mu 1624, otsalawo azipemphera m'nyumba zawo kapena asamuke ndi katundu wawo. Ena ankati ntchito ya boma ndi kuteteza moyo ndi katundu, ndipo lupanga silingabale chikhulupiriro. Mu 1689 Angerezi analola Apulotesitanti a kunja kwa mpingo wa mfumu kupembedza m'nyumba zolembetsedwa, zitseko zosakhoma, koma Akatolika anawasiya kunja. Amalume ankati aliyense akumanga denga longokwana mutu wake.

Ambiri a ife tinkaganiza mwina. Tinkati mfumu ya France inalakwa chifukwa inazunza mpingo woona, koma boma la mpingo woona liyenera kuletsa chiphunzitso chonama. Mu Ogasiti 1690 sinodi yathu, itakumana ku Amsterdam, inatsutsa ganizo lakuti boma lisamalowerere nkhani za chipembedzo. Mu 1691 amalume analemba kabuku ka masamba khumi ndi asanu ndi limodzi, kopanda dzina. Mfundo yake inali imodzi. Mpingo uliwonse umadziyesa woona, choncho mukati woona yekha ndiye akakamize, mwapereka chikwapu kwa onse, ndipo wopambana ndi amene ali ndi asilikali ambiri. Munthu wotsata chikumbumtima chake, ngakhale chitasokera, akumvera Mulungu mmene akumudziwira, ndipo kumukakamiza kuchikana ndiko kumuchimwitsa. Sanapatule Mkatolika, Myuda kapena Msilamu.

Akulu a mpingo anazindikira zilembo za shopu ya bambo Slingerland ndipo anaitana amalume ku bwalo. Mkulu wina, amene mchimwene wake anafera m'zombo za mfumu, anafunsa misozi ili m'maso, “Mbale Pelloquin, mukuteteza anthu amene anakuberani mwana?” Amalume anati, “Asilikali sindikuwateteza. Ndikunena za mayi wa Chikatolika wogulitsa nsomba pa mlatho, amene sanabere munthu mwana.” Anawapatsa pepala kuti asaine kuti akubweza mawu awo. Iwo analiwerenga, kenaka anati, “Abale, ndinasainapo kamodzi chimene sindinkakhulupirira. Dzanja ili silichitanso.” Anawaimitsa ku Mgonero wa Ambuye, ndipo chiletsocho sichinachotsedwe. Lamulungu lililonse ankakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo pa tsiku la Mgonero ankatsala okha anzawo akupita ku gome.

Mu 1697 nkhondo ya France ndi mayiko ano inatha, koma pangano la mtendere silinatibwezere kwathu monga tinkayembekezera. Njira zitatseguka, mu 1698 kunabwera kalata yoyamba ya Débora. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ankatchedwa Sisitere Marie-Agnès, ndipo ankakonzekera kuchita malumbiro. Analemba kuti palibe akumukakamiza, kuti amawakonda bambo ake, ndipo amawapempherera kuti atembenuke. Mayi anga, amene tinathawa nawo mu 1687, anapeza mwini chombo ndi amuna awiri okonzeka kukamugwira popita ku chipatala kumene ankathandiza odwala, nkumubweretsa kuno afune asafune. Amalume anayamba alemba kumufunsa ngati angafune kubwera yekha. Anayankha kuti ayi. Mayi anawakalipira ine ndili pomwepo. “Achimwene, ameneyo si iye akulankhula, ndi masisitere! Anamuba ali kamwana!” Amalume anati, “Anamubadi, Rachel. Mwina mawuwo anachita kumuikira m'kamwa, sindidziwa. Koma amene ndingamugwire lero ndi munthu wamkulu amene wandiuza kuti ayi. Ndimutsekere m'chipinda mpaka asaine?” Amalume anamubweza mwini chombo uja. Madzulo a tsikulo ndinawapeza atakhala pa masitepe a shopu akulira ngati mwana.

Mayi anga anamwalira mu 1705 asanawalankhulenso. Inenso, ndinene zoona pamaso pa thupi lawo, ndinkawapewa, ndipo ana anga akula osadziwa khomo lino. Amalume ankachoka ku ntchito, nkugula buledi ndi nsomba yamchere, nkudya okha pawindo. Ankalembera Débora kalata ku Saumur kawiri pachaka. Nkhondo itayambanso mu 1702, nthawi zina pankapita zaka zitatu popanda yankho. Mu 1711 maso anafooka ndipo anasiya ntchito.

Anayamba kudwala chifuwa mu Novembala 1713. Amene anawasamalira ndi mayi Aaltje Kuyl, amasiye a nyumba yoyandikana nayo, amene ndi Mkatolika. Matenda atakula, mayiwa sanaitane wansembe wawo. Anayenda m'chisanu kukagogoda kwa abusa athu achinyamata, a Lestrade, kenaka kwa ine, nandiuza pakhomo panga, “Amalume anu akufa, ndipo ine Chifalansa sindimva. Mukufuna atsazike khoma?” Ndinapita, ndipo ndinakhala nawo masiku anayi otsiriza. Anatisiya m'mawa wa Lachiwiri, pa 16 Januwale 1714, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi chimodzi.

Malemu asiya mwana mmodzi, Sisitere Marie-Agnès, amene panopa sakudziwa kuti bambo ake kulibe. Asiyanso ine, mkazi wanga ndi ana athu atatu. Banja likuthokoza mayi Kuyl, ana a bambo Slingerland amene apereka bokosi, anzawo anayi a kuntchito amene anyamule maliro, ndi abusa a Lestrade amene anapemphera nawo osawafunsa za kabuku kaja.

Kalata ya ku Saumur ndilemba mawa. Amalume anandiuza chokalembamo. Ife sitipempherera akufa, koma Akatolika amatero, ndipo iwo anati, “Umuuze kuti akafuna kundipempherera mwa njira yawoyo, apemphere. Ndilibe chinanso chomusiyira.”

Amalume, Gédéon Pelloquin, tinachedwa kubwera. Mzimu wanu uuse mumtendere.