Nambala 62 m'kalasi la ana 60

Basi inachedwa. Bambo wina ankadzikupiza ndi lipoti la kusukulu, ndipo mayi amene anakhala naye pabenchi analiyang'anitsitsa.

"Pepani bambo, pamenepo alemba nambala 62 pa ana 60?"

"Mwawerenga bwino, mayi. Ndi la mwana wanga. Ndikuchokera kwa ahedi, ndinapita nditalusa."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Anandipatsa mpando, n'kuitanitsa mapepala ake a mayeso kwa aphunzitsi a kalasi. Tinawonkhetsa limodzi malikisi, phunziro ndi phunziro. Panalibe cholakwika."

"Nanga awiri enawo ndi mizukwa?"

"Ndi ana amene anasamuka teremu ili pakati. Akuti nambala imachokera pa malikisi a mayeso a pakati pa teremu kuphatikiza ndi omaliza. Awiriwo analemba a pakati okha, koma mayina awo anatsalira poika manambala."

"Ndiye anamuposa osalemba mayeso omaliza?"

"Anamusiya kutali. Ahedi anapepesa, amvekere, 'Bambo, kulakwa n'kwathu. Tiwachotsa, tilembe lipoti lina, ndisayine, ndidinde. Mwana wanu akwera ndi malo awiri.'"

"Si nkhani yabwino imeneyo?"

"Ndinawafunsa kuti akakwera afika pati. Akuti pa 60."

"Chitsekakhomo."

"Ndiye ndinakana, ndinatenga lomweli."

"Mwakana kuti akonze?"

"Mayi, kunyumba kuli amayi ake ndi apongozi anga, akudikira. Akaona 62 pa 60 atukwana sukulu. Akaona 60 pa 60 ayamba kufunsana kuti mutu umenewu anatengera kwa yani."