Mboni Ziwiri Zomwe Ndinazisowa M'foni Mwanga

Moni kwa inu nonse amene mumanditsatira pa tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ambiri mumandidziwa ngati dalaivala wa nthabwala, wojambulitsa atatsamira lole. Chimene simunadziwe n'choti ndakhala miyezi isanu ndi iwiri pa ulova, ndipo nthenda yomwe inandidya kwambiri nthawi imeneyo inali nsanje.

Ndinkayendetsa lole yonyamula thonje ku Balaka. Kampani itachepetsa magalimoto, anatiuza kuti tikadikire kunyumba, ndipo sanatiitanenso. Poyamba sindinade nkhawa. Ndinali ndi anzanga zikwi zinayi pa masamba a mchezo, ndinali m'magulu a pafoni osawerengeka, ndipo ndikaponya chithunzi anthu ankachikonda ngati mvula yoyamba. Ndinalemba kuti ndikufuna ntchito. Mayankho anabwera mazana: ena ameni, ena timanja topemphera, ena kunditumizira malonda a ntchito omwe aliyense anali atawaona kale. Sindikuwanyoza, uthenga ankandipatsadi. Koma kalata iliyonse yomwe ndinalemba inkakagwera pa mulu wa makalata a anthu osadziwika ngati ine.

Tsono mkazi wanga ali ndi mchimwene wake, alamu anga a Mateyu, amene amakonza njinga zamoto pa Nselema. Foni yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira, ndipo manambala ali mmenemo sakwana makumi atatu. Koma ntchito imawatsata mpaka pakhomo. Mkazi wanga akangoyamba zoti achimwene apatsidwa njinga zonse za alangizi kuti azikonza, ine ndinkasiya chakudya n'kutuluka panja. Ndinkawaseka kuti ndi munthu wachimidzi, koma mumtima ndinkapsa. Ndinafika pouza mkazi wanga kuti achimwene akewo ayenera kuti anakhwimira, ndipo anakhala masiku awiri osandiyankhula. Kutchalitchi ndinkapemphera pakamwa pokha, mkatimu ndikufunsa Mulungu chifukwa chimene ankakondera munthu woti sanafike ngakhale folomu thu.

Zinthu zitathina, mkazi wanga ananena poyera kuti mwezi ukatha ndilibe ntchito, tisamukire kwawo ku Ngokwe, achimwene atithandiza poyambira. Taganizani, mkamwini wamanjamanja, kukadya m'manja mwa munthu yemwe ndinkamuchitira kaduka. Ndinkaona ngati bola kudwala.

Sabata yotsiriza ya mweziwo ndinamva kuti mayi wina wogula nandolo ku Balaka akufuna dalaivala. Ndinapita nditatchena, laisensi ndi makalata zili mu envulopu. Mayiwo anaziyang'ana pang'ono, n'kuziika pambali. Anati mapepala aliyense ali nawo, koma iwo amapereka lole yodzaza katundu kwa munthu wopita yekha kutali, choncho akufuna mboni ziwiri pofika Lachisanu: anthu oti iwo akuwadziwa, kapena oti angabwere kudzaima pamaso pawo n'kunena zomwe anaona ndi maso.

Ndinaseka mumtima, anthu awiri okha pa zikwi zinayi. Ndinayamba kuimba. Woyamba anafunsa kuti ndine ndani. Wina, amene tinkatchulana kuti achimwene pa ndemanga, anati sangaike dzina lake pa munthu amene sanakumanepo naye, chifukwa katundu akasowa adzafunsidwa ndi iyeyo. Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Anzanga a kukampani aja ndinali ndisanawaimbire chichokereni, ndipo foni yanga itabwera anadziwiratu kuti ndikufuna kanthu. Lachitatu linafika ndilibe ngakhale mmodzi.

Ndinagwada masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinapemphe ntchito. Ndinangouza Mulungu kuti ndimadana ndi mlamu wanga popanda chimene anandilakwira, andichotsere chinthu chimenechi. Nditadzuka, ndinakwera basi ya ku Nselema ndili ndi manyazi.

Ndinawapeza a Mateyu ali mafuta okhaokha. Ndinakhala pa benchi mpaka madzulo ndikuyang'ana, kufuna kuona mankhwala awo aja. Munthu wina anabwera ndi vuto la magetsi a njinga, iwo anamuuza kuti zimenezo sazitha bwino, n'kumutumiza kwa mnzawo, n'kuimbiratu kuti amulandire. Ataweruka anaimbira bambo wina kungofunsa ngati mwana watuluka m'chipatala, akumutchula mwanayo dzina. Anandiuza kuti Lamulungu lililonse amaimbira anthu awiri kapena atatu osapempha kanthu, ndipo maliro akagwa satumiza uthenga, amapita okha kukapepesa. Anati mphamvu zawo zimakwana anthu ochepa basi, akachuluka ayamba kuwanamiza. Kukhwima kwawo kunali kumeneko.

Nditafotokoza vuto langa, anandidabwitsa. Mayi wa nandoloyo a Mateyu ankamudziwa, poti ankakonza njinga za anthu ake omugulira nandolo. Koma anati:

"Alamu, zoti simumwa mowa ndiponso simugwira za eni ndikanena, chifukwa ndaziona. Koma za chiwongolero iyayi, sindinakwerepo galimoto yanu. Ndikanama kamodzi, mawa mayi aja sadzandimveranso."

Nsanje inabwereranso pomwepo, ndinaona ngati akudzikweza. Koma anandifunsa ngati panalibe munthu ngakhale mmodzi amene ndinakhala naye bwino pa ntchito. Ndinaganiza nthawi yaitali, kenako ndinakumbukira a Jafali, mlonda wachikulire wa pageti la kampani. Tsiku lililonse ndinkaima kucheza nawo, ndipo akazi awo atadwala ndinawanyamula kangapo kupita nawo kuchipatala, n'kumakawazonda. Koma nditagula foni yatsopano, nambala yawo sindinaisamutse, poti sanali pa intaneti. A Mateyu anaimba mafoni awiri okha, ndipo nambala inapezeka kudzera kwa shehe wina amene amamukonzera njinga.

Foni italira kawiri, ndisanadzitchule n'komwe, ndinamva dzina langa. A Jafali anali asanafufute nambala yanga. Sanandifunse kumene ndinasowera. Anangofunsa tsiku ndi malo.

Lachisanu anabwera kuchokera ku Rivirivi pa njinga yakapalasa, atavala mkanjo wawo woyera, asanapite ku mzikiti kukapemphera Juma. Anauza mayi aja kuti kwa zaka zisanu ankatsegulira lole yanga geti, sanaionepo itaphwanyika, ndipo mabelo ankafika monga ananyamukira. A Mateyu anaimba foni, mayiwo anayankha nthawi yomweyo akuseka, ndipo alamu ananena zokhazo zimene analonjeza. Lolemba ndinapatsidwa makiyi.

Tikutuluka Lachisanulo ndinawathokoza a Jafali, ndipo mwachizolowezi ndinati akapereke moni kwa mayi kunyumba. Anaima, atagwira njinga yawo.

"Mayi aja anatisiya chaka chatha. Ndinakufulashani kawiri tsiku limenelo. Ndinangoti mwina muli pa msewu."

Ndinakumbukira nambala yachilendo yomwe sindinaibweze. Ndinasowa poyang'ana.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa kudzera mwa mlonda yemwe ndinamutaya ndi mlamu yemwe ndinkamuda. Nsanje sinathe yonse, ndisaname, ikabwera ndimaigwadira. Inu amene muli pa ulova kapena pa mayesero ena, musafooke, pitirizani kupemphera. Koma mukadzuka pa maondo, onani m'foni mwanu anthu asanu amene angaime pamaso pa munthu n'kukuchitirani umboni, ndipo muwaimbire lero musanawafune. Pa uthenga uno musavutike ndi kulemba ameni, sindikhalapo kuti ndiwerenge. Loweruka lino ndili ku Rivirivi, ndikupita kukapepesa maliro omwe ndinachedwa nawo miyezi yonseyi.