Pageti pa Chipatala

— Halo?

— Halo, mwana wanga. Ndine bambo ako.

— Adadi! Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, kaya iwe? Apongozi anga ali bwanji? Nanga kamdzukulu kanga, chifuwa chija?

— Tonse tili bwino, chifuwa chinatha. Koma kukumveka magalimoto. Simuli kushopu?

— Ndatuluka pang'ono, matabwa ndasiyira anzanga. Halo? Ukundimva?

— Mukudukaduka. Sunthani pang'ono.

— Pano bwanji? Ndimati ndikufunse za foniyi. Meseji ikaonetsa matiki awiri a buluu, ndiye kuti chiyani?

— Ndiye kuti yafika, ndipo munthuyo wawerenga.

— Singachite buluu yokha, chifukwa cha netiweki?

— Ayi, adadi. Ndani sakukuyankhani?

— Kasitomala wina.

— Kasitomala wake mpaka kusiya matabwa?

— Iwe, mayunitsi anga ndi ochepa.

— Ndiye nenani msanga.

— Ndi mayi ena, anamwino. Ndinawapangira kabati. Chimwalirireni mayi ako sindinachezepo ndi munthu ngati mmene ndimachezera ndi iwowa. Usaseke.

— Sindikuseka. Ndiye zatani?

— Poyamba ankatumiza mavoisi ataliatali, kufunsa ngati ndadya. Kenako anayamba kungoti "chabwino." Kenako kachithunzi ka chala chachikulu kaja. Pano zii.

— Amayamba kulemba ndani?

— Kale tonse. Masiku ano ine.

— Chisiyireni kuyankha, mwalembanso?

— Moni wa m'mawa yekha. Ndi wa madzulo. Ndinayimbanso pafoni ya mnzanga, mwina yangayi ili ndi vuto.

— Anayankha?

— Anayankha. Atamva mawu anga anati ali ndi wodwala, ayimba. Sanayimbe.

— Adadi, muli kuti panopa?

— Pamsewu.

— Msewu uti?

— Moyang'anana ndi geti la chipatala, pambali pa wosoka nsapato. Aweruka posachedwa. Ndingofuna andiuze pamaso chimene ndinalakwa.

— Chokanipo, chonde.

— Ukundilamula?

— Ndikukupemphani. Mwina simunalakwe kanthu. Munthu amatha kungosintha maganizo, n'kusowa poyambira kuuza munthu wamkulu ngati inu. Wotanganidwa amapepesa, amanena tsiku lina. Awa akuwerenga, akukhala chete. Yankho lake ndi lomwelo.

— Ndiye akanangonena.

— Zoona, akanachita bwino kunena. Koma simungawakakamize. Mukukumbukira mnyamata uja ankandidikirira pantchito nditamukana? Munati chiyani?

— Ameneyo anali wopanda khalidwe. Ine ndavala jekete, ndabwera mwaulemu.

— Iwo saona jekete. Aona bambo amene sakumuyankha ataima pageti. Achita mantha, auza alonda. Dzina lanu lonse lija lithera pamenepo.

— Mantha? Ndi ine?

— Ine ndinkatulukira khomo lakumbuyo, adadi. Simunadziwe.

— Sunandiuzepo zimenezo.

— Ndakuuzani lero.

— Chabwino. Bwanji ndingolemba kamodzi komaliza, kutsanzika?

— Mukanakhala kuti simunatero, ndikanati lembani mawu ochepa, opanda funso, opanda kudandaula, basi. Koma yotsanzikayo simunatumizepo kale?

— Ndinatumiza sabata yatha.

— Kenako?

— Kutacha ndinapereka moni.

— Ndiye yakwana. Nambala yanu ali nayo, kushopu akukudziwa. Akafuna, akupezani okha. Musatume mnzanu, musayimbenso pafoni ya wina. Mamesejiwo mufufute, mukamawawerenga chala chimayabwa.

— Tikakumana panjira?

— Moni, n'kudutsa. Ngati kasitomala wina aliyense.

— Dikira. Atuluka.

— Adadi.

— Ali ndi anzawo awiri. Akuseka. Sakuoneka ngati munthu wodwala kapena wa mavuto.

— Akuonani?

— Ayi. Akuwoloka, akubwera mbali inoyi.

— Tembenukani. Lankhulani ndi ine. Halo? Adadi? Halo!

— Ndilipo.

— Mwakhala chete bwanji? Chachitika n'chiyani?

— Ndalowa muhadiweya. Ndaima pa mashelefu a misomali ngati ndikugula.

— Iwo aja?

— Adutsa pakhomo pomwepa. Akwera basi. Sindinawaitane.

— Mwachita bwino.

— Sizikumveka ngati bwino. Munthu wamkulu ine, kubisala m'sitolo.

— Ziwawa ndithu, sindikunamizani. Mawa m'mawa dzanja likafuna kupereka moni, mulembere ine.

— Iwenso umayankha mochedwa.

— Koma ndimayankha. Mubwere kuno madzulo ano, musakakhale nokha m'nyumba muja.

— Ndiona. Kufufutako amatani?

— Mudinikize pa dzina lawo, osachotsa chala, pabwera kachithunzi ka bini ya zinyalala pamwamba.

— Mawa, mwana wanga. Lero sindingathe. Koma sindilemba.

— Ndamva. Mubwere, mwamva?

— Foni yalira, mayunitsi akutha. Wogulitsa akundiyang'ananso, ndigule kaya misomali yomweyi. Upereke moni kwa apo—

— Halo? Adadi?